Yankho: broiler 100 kuseri kwa nyumba, phindu lake n'lotani?

"Abale, ndili ku Mufakose ku Harare, malo ndi ochepa. Ndikasunga nkhuku za broiler 100, pangatsale kanthu?"

Achimwene, kanthu kamatsala, koma kochepa, ndipo chakudya ndi chomwe chimalamula. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 3.5 kuti ifike masabata 6, ndiye 100 zimatha matumba 7 a makilogalamu 50: sitata masabata awiri oyamba, kenako girowa, pomaliza finisha.

Tiyerekeze kuti thumba mwagula madola 32 ndipo mwanapiye dola imodzi. Chakudya ndi 224, anapiye 100, makala, utuchi ndi mankhwala 40, zonse pamodzi 364. Zikafa 5, n'kugulitsa 95 pa madola 6, mupeza 570. Phindu ndi 206, thukuta lanu osaliwerengera. Mitengoyi imasinthasintha, kafunseni musanagule.

Phindulo limathera pa kuchedwa kugulitsa. Zikapitirira masabata 6, nkhuku 95 zimadya thumba lathunthu m'masiku atatu okha, pomwe wogula amaperekabe mtengo womwewo. N'chifukwa chake pezanitu ogula, a kutchalitchi ngakhale ophika sadza pamashopu, zisanakwane masabata 5. Ngongole muikane.

Imfa zambiri zimabwera sabata yoyamba, makamaka mu Juni ndi Julaye. Magetsi a ZESA musawadalire, mbaula ikhale pafupi, koma siyani mpata wolowera mpweya chifukwa utsi wa makala umapha. Anapiye akaunjikana pakona n'kumalira, ndiye kuti azizidwa. Khola likhale masikweya mita 10, ndipo utuchi ukanyowa muusinthe msanga. Mukaona chitosi cha magazi, amenewo ndi matenda a kokisi, yambani mankhwala tsiku lomwelo.