Maoda 12 ndi 19 sanakwane, musazimitse tsamba lina

"Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero ndi uchi kuno ku Mzuzu kudzera pa webusaiti. Tsamba A lili ndi fomu yoodera, tsamba B lili ndi batani la WhatsApp. M'masiku atatu A yalandira anthu 310 ndi maoda 12, B anthu 290 ndi maoda 19. Ndizimitse A?"

Achemwali, musazimitse kaye. Kusiyana kwa maoda 7 pa anthu ochepa chonchi kumatha kungochitika mwamwayi, ngakhale masamba onse awiri atakhala ofanana ndendende. Anthu akagawidwa pafupifupi theka ndi theka, pali kachiyeso kachangu: kusiyana kwa maoda kupose 2 × √(maoda a A + maoda a B). Kwa inu maoda onse ndi 31, ndiye malire ndi 11. Inu muli pa 7.

Simunanene momwe mukugawira anthu, ndipo apa ndi pomwe ndikuda nkhawa kwambiri. Ngati mumaonetsa A lero, B mawa, ndiye kuti mukuyerekeza masiku osati masamba, chifukwa wogula wa Loweruka si wogula wa Lachiwiri. Masamba onse aziyenda nthawi imodzi, munthu aliyense agwere mbali yake mwamaere, ndipo akabweranso apeze tsamba lomwe lija. Amene anakukonzerani webusaiti akhoza kuika izi:

```js
let v = localStorage.getItem("v");
if (!v) {
  v = Math.random() < 0.5 ? "A" : "B";
  localStorage.setItem("v", v);
}
```

Dziwani kuti munthu akatsegula linki ali mu Facebook, kenako n'kudzatsegulanso pa Chrome, amaoneka ngati anthu awiri. Zimenezi simungazithetseretu. Akakuuzani za Google Optimize musataye nthawi, inatsekedwa mu 2023.

Chinanso, muziwerenga chinthu chimodzi mbali zonse. Kudina batani la WhatsApp n'kosavuta, ambiri amangofunsa mtengo n'kusowa. Oda ndi amene walipira, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba. Uthenga umene umadzilemba wokha munthu akadina batani ukhale ndi chilembo B, kuti ndalama ikalowa mudziwe komwe wachokera.

Tsopano kuchuluka kwa anthu. Nambala imeneyi imawerengedwa musanayambe, ndipo funso loyamba ndi la bizinesi yanu: kusintha kwakukulu bwanji kumene mukufuna kukuona? Pa A akugula anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse. Tinene kuti mukufuna kudziwa ngati B ingafikitse pa 6. Anthu ofunika mbali iliyonse ndi awa:

```
n = 16 * p * (1 - p) / d^2
n = 16 * 0.05 * 0.95 / 0.02^2 = 1900
```

Apa p ndi pakati penipeni pa 4 ndi 6 pa 100, ndiye 0.05, d ndi kusiyana kwake, 0.02. Choncho anthu 1,900 ku A, 1,900 ku B, onse 3,800. Inu mukulandira anthu 200 patsiku, ndiye masiku 19. Ndi chiwerengero chimenechi, ngati B ilidi bwino chotero mudzaziona maulendo 8 pa 10, ndipo ngati palibe kusiyana mudzanamizidwa kamodzi kokha pa 20.

Koma taonani zomwe zimachitika mukafuna kugwira kusintha kochepa, kuchoka pa 4 kufika pa 5. Pamafunika anthu pafupifupi 6,900 mbali iliyonse, miyezi iwiri ndi masiku angapo. Kusiyana kukachepa ndi theka, anthu ofunika amachuluka pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake pa webusaiti yaing'ono ndimakana kuyesa mtundu wa batani. Fomu ndi WhatsApp ndiye zinthu zoyenera kuyesa, chifukwa n'zosiyana kwenikweni.

Ine ndikanakhala inu sindikanaimira pa masiku 19, ndikanadikira masabata anayi athunthu. Mukudziwa momwe tauni yathu imasinthira malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi. Amene walandira kumene amalipira msanga, wa pakati pa mwezi amafuna kucheza kaye za mtengo, ndipo mwina WhatsApp imamukomera iyeyo. Mayeso akhudze onse awiri. Mtengo musausinthe mkatimu.

Lembani tsiku lomaliza pa kalendala ndipo mulisunge. Ndikudziwa mtima umafuna kusuzumira m'mawa uliwonse, ndipo kuona ngati zonse zikuyenda si kulakwa. Cholakwika n'kuimitsa tsiku limene B yatsogola. Manambala amakwera n'kutsika, ndipo amene amayesa tsiku lililonse n'kuima akangodutsa malire amanamizidwa kochuluka kuposa kamodzi pa 20 kaja.

Tsikulo likafika mudzakhala ndi anthu pafupifupi 5,600. Yambani mwaona kagawidwe. Mukapeza 2,770 ndi 2,830 zili bwino, koma 2,500 ndi 3,100 ndiye kuti china chawonongeka, mwina tsamba limodzi likuchedwa kutseguka pa netiweki yofooka ndipo anthu akuchoka asanawerengedwe. Konzani, muyambirenso. Kagawidwe kakakhala bwino, bwererani ku kachiyeso kaja. Maoda 112 ndi 168 akusiyana ndi 56 pomwe malire ndi 33, B yapambana. Akakhala 118 ndi 126, kusiyana kwakukulu palibe, ndiye sankhani tsamba limene silikukutopetsani poyankha makasitomala.