Ndalama ya feteleza isamagone ku banki

"Ndimagulitsa soya mu Meyi, ndalama n'kusunga ku banki kuti ndidzagule feteleza mvula ikayandikira. Chaka chilichonse imapezeka yaperewera. Kodi ndingakongole kuti yowonjezera?" Mlimi wa ku Mchinji

Bambo, za ngongolezo ziyambe zaima. Chimene chikukupwetekani ndi miyezi isanu ndi umodzi imene ndalama yanu imakhala ikugona.

Feteleza wa yureya sitipanga kuno. Amabwera pa sitima mpaka ku Beira kapena ku Nacala, ndipo woitanitsa amalipira madola. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 limafika kuno pa madola 50. Dzulo lake linali K59,000, m'mawa mwake K85,000, thumba lomwelo, kunja osakweza n'komwe. Mukanakhala ndi K600,000 m'buku, matumba khumi akanasanduka asanu ndi awiri inu muli mtulo, koma buku likuonetsabe K600,000 yanu yonse. N'chifukwa chake ambiri sazindikira msanga.

Ndiye pali mafuta. Mwezi womwewo bungwe la MERA, lomwe limaika mitengo ya mafuta, linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, poti nayenso timagula ndi madola. Lole yochokera ku doko imamwa dizilo ameneyu, yopita ku Mchinji nayonso, ndipo wa kabaza wa njinga yamoto wokufikitsirani thumba pakhomo wakwezanso. Kwacha ikagwa kamodzi, mtengo wa thumba limodzi umakwera pa zifukwa zingapo. Kuchigayo ndi pa minibasi ndalama ina imapitanso, yomwe ija ya soya.

Choncho tsiku limene mwalandira ya soya, pitani mukagule feteleza, ngakhale ndi mu Juni. Muziwerenga chuma chanu m'matumba. Yureya amakoka chinyezi, ndiye musanjike pa matabwa, patali ndi khoma, pouma, osamasula pakamwa. Thumba likayamba kuchita thukuta kapena kuuma gwa ngati mwala, dziwani kuti chinyezi chalowa.

Ndipo ndikufunseni monga m'bale wanu: ndalama ija imafikadi Novembala yonse? Makalata otere ndawerenga ambiri. Mlamu abwera ndi za sukulu fizi, kwagwa maliro kuchimuna, mutapako K40,000 osalemba paliponse. Ndalama ya m'buku aliyense amaipempha, koma thumba losoka lili kuchipinda munthu amachita nalo manyazi.

Za katapila ndiye ayi, chonde. Kukongola K100,000 mu Disembala kuti muzibweza ndi phindu la mwezi ndi mwezi, pamene chimanga chidzacha mu Epulo, ndiko kulimira mwini ndalama. Ngati chaka chino yaperewera kale, chepetsani munda. Thirani mokwanira pa ekala imodzi, kwinako mubzale soya kapena mtedza, zomwe sizifuna yureya.