Mndandanda wa cron pawokha sukwanira

"Amene amayang'anira madatabeizi pantchito pathu kuno ku Mzuzu akuchoka. Wasiya chikalata cha maseva, nthawi za ntchito, lamulo la mapasiwedi ndi mavuto odziwika. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa nthawi za bakapu iye asanachoke. Mukhale naye, ndipo ngati madatabeizi anu ndi a PostgreSQL, pa seva iliyonse mulembe izi kuti muone nthawi imene seva imatsata ndi mndandanda wa cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikidwa:

```
sudo crontab -l -u postgres
timedatectl
```

Yerekezerani zotuluka ndi zomwe zili m'chikalata. Ngati walemba kuti bakapu imayamba 2 koloko usiku koma seva ili pa UTC, kuno imayamba 4 koloko m'mawa, chifukwa nthawi yathu ili patsogolo ndi maola awiri. Ikachedwa kutha, idzakumana ndi anthu akuyamba ntchito.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi. Seva ikakhala yozima pa nthawi yoikidwayo, cron sabwereza ntchito imene yaphonyedwa, ndiponso sadandaula. Choncho yang'anani tsiku ndi kukula kwa fayilo yomaliza ya bakapu, kenaka muibwezeretse ndi `pg_restore`, kapena `psql` ngati ndi fayilo ya SQL wamba, pa kompyuta ina iye akuona. Mpamene mudzadziwe ngati ikufuna kiyi amene ali ndi iye yekha.

Mapasiwedi enieni asalembedwe m'chikalatamo. Chingonena kumene amasungidwa. Musathamangire kutseka akaunti yake musanaone ntchito zimene zimayendera dzina lake, chifukwa zingathe kuima mwakachetechete. Mukasintha pasiwedi, sinthaninso mu `.pgpass`, fayilo yosunga mapasiwedi a PostgreSQL.

Pa vuto lililonse lodziwika, alembe chizindikiro chake ndi chimene amachita likabuka.