Magalasi ndimayang'ana, nanga njinga yamoto ija inachokera kuti?

"Achimwene, ndine mlongo wanu wa ku Rosettenville, kuno ku Joni. Laisensi ndinatenga chaka chatha ndipo ndimayendetsa kagalimoto kakang'ono. Sabata yatha ndinaimika m'mbali mwa Jules Street. Ponyamuka ndinayang'ana pagalasi, mulibe kanthu, koma nditangotulutsa mphuno mnyamata wa njinga yamoto yoperekera katundu anangoti vuu pakhomo panga penipeni. Pa M1 nakonso andiimbirapo hutala ndikusintha leni. Kodi magalasi anga ndi osatchera bwino? Kucheuka komwe ankatiphunzitsa kusukulu ya galimoto kuja ndimachita nako mantha, chifukwa ndikacheuka galimoto imapatuka yokha."

Achemwali, magalasi anu akhoza kukhala osatchera bwino, ndipo tiwakonza. Koma ngakhale mutawatchera bwino chotani, pali malo awiri omwe sangakuonetseni mokwanira. Malowa ali m'mbali mwa chitseko chakumbuyo, kumanja ndi kumanzere, kutalikira pang'ono mpaka pakati pa leni yoyandikana nanu. Galasi lam'mbali limaona kumbuyo mopapatiza, diso lanu limaona kutsogolo ndi pambali pang'ono, ndiye pakati pa ziwirizi pamatsala mpata. Mumpata umenewu galimoto yaing'ono imatha kubisala yonse. Njinga yamoto ndiye musachite kufunsa.

Musangondikhulupirira. Lamlungu likubwerali imikani galimoto pabwalo lopanda anthu ambiri, khalani pampando monga mumakhalira poyendetsa, maso kutsogolo. Mnzanu ayambire kumbuyo kwenikweni, aziyenda pang'onopang'ono kubwera kutsogolo chakumanja kwanu, atatalikira galimoto ngati mapazi atatu kapena anayi aakuluakulu. Mumuona pagalasi lamkati, kenako pagalasi lam'mbali, kenako asowa. Akangosowa muuzeni aime, inu mucheuke. Mumupeza ali chiimire pafupi kwambiri, kuseri kwa phewa lanu. Chitaninso chimodzimodzi kumanzere. Mukaona ndi maso anu pomwe munthu wamkulu wasowera, khosi lanu silidzafunanso wolikumbutsa.

Tsopano magalasi. Yambani ndi mpando, chifukwa mukausuntha pambuyo pake zonse zasokonekera. Galasi lamkati lionetse windo lonse lakumbuyo popanda inu kusuntha mutu. Am'mbaliwo ndi omwe ambiri amalakwitsa: amawalozetsa mkati kwambiri, theka la galasi n'kumaonetsa chitseko cha galimoto yawo yomwe. Chitseko chanu sichingakugundeni. Kankhirani galasi kunja mpaka thupi la galimoto litsale kachidutswa kochepa chabe m'mphepete mwamkati, kongokuthandizani kudziwa pomwe muli. Ngati mwatchera bwino, galimoto yomwe ikukupitirirani iyenera kuyamba kuoneka pagalasi lam'mbali isanathe kutuluka pagalasi lamkati. Dziwaninso kuti magalasi ambiri am'mbali ndi otukuka pang'ono kuti azionetsa malo aakulu, choncho amachepetsa zinthu, galimoto n'kumaoneka ngati ili patali pamene yafika kale. Pofuna kudziwa mtunda weniweni, khulupirirani lamkati.

Koma za pa Jules Street zija, ine ndikuona kuti vuto lalikulu linali nthawi. Taganizirani zomwe manja ndi miyendo yanu zimachita mukatha kuyang'ana pagalasi: kuyatsa indiketa, kuponda kilatchi, kulowetsa giya, kupeza pomwe galimoto yagwira, kutsitsa handibuleki, kukhotetsa chiwongolero kuti mupewe galimoto yoimika kutsogolo kwanu. Zonsezi zimadya masekondi atatu kapena anayi. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, kutanthauza mamita 50 m'masekondi atatu. Pamene munkayang'ana, mnyamata uja mwina anali kuseri kwa tekisi kapena anali asanakhote n'komwe kulowa mumsewuwo. Galasi silinakunamizeni. Linakuuzani zoona za nthawi imeneyo, inu n'kunyamuka ndi nkhani yomwe inali itatha kale ntchito.

Ndicho chifukwa chake ndondomeko ya K53, yomwe munayesedwa nayo potenga laisensi, imafuna kuti muyang'ane kawiri. Koyamba mumaona magalasi ndi kuseri kwa phewa kuti mudziwe ngati n'koyenera kuyatsa indiketa. Kachiwiri mumayang'ana zonse zili chire, giya ili mkati, galimoto yatsala pang'ono kusuntha. Kwachiwiriku ndiye komwe anthu amakutaya akangolandira laisensi, pomwe n'komwe kumapulumutsa anthu a njinga. Mukacheuka komaliza n'kupeza muli bwino, nyamukani nthawi yomweyo. Ngati china chakuchedwetsani, kaya mwana walankhula kumbuyo, kaya galimoto yazima, kuyang'ana kuja kwafa, yambiraninso.

Musanyozere mbali ya kumanzere poti ndi kufupi ndi mphepete mwa msewu. Kuno ku Joni pakati pa galimoto yoimika ndi mphepete pamadutsa anthu oyenda pansi, ana asukulu, ndi abale athu aja okoka matilole a mabotolo ndi makatoni. Mphuno ikamatulukira kumanja, mbuyo ya galimoto imakankhira pang'ono kumanzere, ndiye yambani kuona kumanzere, mubwere pagalasi lamkati, mutsirizire kumanja komwe mukupita. M'tauni, m'misewu yoyenda mbali imodzi momwe nthawi zina mumaimika kudzanja lamanja, zonse zimatembenuka, phewa lomaliza limakhala lamanzere. Ndipo ngati kumbuyo kwanu kwaima tekisi kapena galimoto yaikulu ya katundu yomwe yadzaza galasi lonse, musaganize kuti poti simukuona kanthu ndiye kuti kulibe kanthu. Tulutsani mphuno pang'ono kwambiri, imani, galasi lipeze msewu, cheukani, kenako mupite.

Za mantha anu ocheuka ndikuzimvetsa, ndipo galimoto imapatukadi. Chimene chimachitika n'chakuti mumatembenuka ndi thupi lonse. Msana ukachoka pampando phewa limabwerera m'mbuyo, dzanja n'kukoka chiwongolero kupita komwe mukuyang'anako. Msana ukhale chigonere pampando, manja onse awiri agwire chiwongolero mosalimbitsa, chitembenuke ndi chibwano chokha kulunjika paphewa. Simukuyang'ana pawindo lakumbuyo ayi, kumeneko ndi ntchito ya galasi. Mukungoponya diso pawindo la chitseko chakumbuyo kuti muyankhe funso limodzi: pali chinthu kapena palibe? Zamtundu wa galimoto kapena liwiro lake sizofunika pamenepo. Sekondi imodzi isakwane maso asanabwerere kutsogolo.

Tiyeni tikwere pa N1 kuti muone mmene zimalumikizirana. Muli leni yakumanzere kumbuyo kwa thiraki, nonse mukuyenda makilomita 90 pa ola, ndipo mukufuna kulowa leni yotsatira. Choyamba n'kutsogolo, osati kumbuyo. Pa liwiro limeneli mumadutsa mamita 25 pa sekondi, choncho ngati mwamata kumbuyo kwa thiraki mulibe nthawi yocheukira. Bwererani pang'ono, musiye mpata wa masekondi awiri kapena atatu, omwe ndi mamita 50 mpaka 75. Anthu ambiri amene amaopa kucheuka amakhala kuti ayandikira kwambiri galimoto yakutsogolo, ndipo mantha awowo ndi oona.

Mukapeza mpatawo onani galasi lamkati, kenako lakumanja. Tinene kuti mukuona galimoto yoyera mamita ngati 40 kumbuyo mu leni yomwe mukufunayo. Kuona kamodzi sikukuuzani liwiro lake. Bwezani maso kutsogolo, kenako muonenso. Ngati yakula pagalasi, ikukupezani. Ikakhala kuti ikuyenda 120, ikukuposani ndi makilomita 30 pa ola, omwe ndi mamita opitirira pang'ono 8 pa sekondi, ndiye m'masekondi asanu ikhala pambali panu. Imeneyo ilekeni idutse, ndipo muitsatire ndi maso: ichoka pagalasi lamkati, ilowa lam'mbali, isowa kanthawi, kenako itulukira pawindo lanu. Ikapita, onaninso magalasi, cheukani, yatsani indiketa, ilekeni iphethire katatu kapena kanayi kuti akumbuyo aione, cheukaninso, kenako lowani pang'onopang'ono mukuwonjezera moto kuti mufanane ndi liwiro la leniyo. Mukakhazikika zimitsani indiketa.

Kucheuka kwachiwiri pamsewu wa maleni ambiri kuli ndi chifukwa china chomwe magalasi sangachigwire n'komwe. Mpata womwe mwauona inuwo wauonanso wina amene ali leni yachitatu, yemwe akufuna kubwerera kumanzere kuti akatuluke. Iye ali pambali panu, leni imodzi pakati, kunja kwa galasi lililonse. Nonse awiri mumakhotera malo amodzi nthawi imodzi. Izi zimachuluka pomwe misewu ikuluikulu imakumana, monga ku Buccleuch ndi ku Gillooly's, chifukwa aliyense amakhala akusaka leni yake. Choncho pocheuka diso lifike mpaka leni yachitatuyo, ndipo ngati muli galimoto yofanana nanu mutu ndi mutu, dikirani mpaka mmodzi atsogole.

Pamene magalimoto athithikana, monga pa M1 m'mamawa, chenjerani ndi njinga zamoto zodutsa pakati pa mizere. Inu mukuyenda ngati nkhono, iwo akubwera ndi liwiro ndithu, ndipo amayenda ndendende pamzere womwe mukufuna kuwoloka. Apa yang'anitsitsani pagalasi lam'mbali motsatira mzerewo mpaka patali, kusaka nyali imodzi, musanatembenuze tayala ngakhale pang'ono.

Timagalasi tozungulira tomata pakona ya galasi lam'mbali timathandiza, ndipo sindikuletsani kugula, koma timachepetsa zinthu kwambiri moti usiku kapena kukugwa mvula njinga imangokhala kadontho. Nako kanyali ka m'magalimoto atsopano kochenjeza kuti pambali panu pali galimoto kamathandiza, koma musasiye kucheuka. Ndipo ngati munamatitsa pulasitiki yakuda pamawindo poopa oswa magalasi pamaloboti, yesani usiku wina kuona ngati mukutha kupenya bwino pawindo lakumbuyo. Ena amada mopitirira moti munthu amacheuka koma osaona kanthu.

Mukacheuka komaliza n'kupeza muli munthu, musadzidzimuke n'kukoka chiwongolero kubwerera, ndipo musaponde buleki mwamphamvu popanda kudziwa amene ali kumbuyo kwanu. Ngati munatsata ndondomeko, matayala anu akadali mu leni yanu, ndiye palibe choti mukonze. Gwirani chiwongolero chilunjike, mulekeni adutse, muyambirenso pagalasi lamkati. Zikachitika pafupi ndi potulukira ndipo mzere woduladula watha, wayamba wosaduka, potulukirapo pasiyeni, mukatulukire kutsogolo n'kubwerera.