Masabata anayi, madzulo okhaokha: kukonzekera intavyu ya kodi

"Abale, ndayitanidwa ku intavyu ya kodi imene idzachitike pakatha mwezi umodzi. Ndimagwira ntchito tsiku lonse, mpata ndimaupeza madzulo okha, ndipo ndimakhala nditatopa. Ndiyambire pati? Ena akuti ndichite mafunso 300 pa LeetCode, webusaiti yoyesererapo mafunso a kodi."

Achimwene, za 300 zo zitayeni kaye. Anthu amene amaponya nambala zoterezi m'gulu muno amandipsetsa mtima, chifukwa sawerengera n'komwe nthawi ya munthu woweruka kuntchito dzuwa litalowa. Tiyeni tiwerenge. Lolemba mpaka Lachinayi mphindi 90 madzulo aliwonse, ndiye maola 6. Loweruka m'mawa maola atatu. Pa sabata ndi maola 9, pa masabata anayi ndi maola 36 basi. Mukagawa maola amenewa pa mafunso 300, funso lililonse likupeza mphindi 7. Mu mphindi 7 munthu amangowerenga yankho la wina n'kugwedeza mutu kuti wamva. Tsiku la intavyu zonsezo zimauluka. Inu konzekerani mafunso 25, koma lililonse mulilembe kawiri kapena katatu ndi manja anu.

Lachisanu ndi Lamulungu musatsegule n'komwe. Mphindi 90 zija muzidule chonchi. Mphindi 20 zoyamba ndi za funso lakale: tsegulani fayilo yopanda kanthu, mulembenso yankho la funso limene munachita masiku atatu apitawo, osasuzumira kodi yakale ija. Kenako mphindi 30 funso latsopano, wotchi ikuyenda. Ikalira musanamalize, imani. Mphindi 25 zotsatira werengani yankho la ena, mulitseke, mulilembe nokha kuchokera m'mutu. Mphindi 15 zomaliza lembani m'kope mizere itatu yokha: funso linali lotani, chinakupingani n'chiyani, ndipo ndi mawu ati m'funsomo amene akanakuuzani njira yoyenera. Gawo limene anthu amadumpha ndi loyambalo, la kubwereza, chifukwa silikoma ndipo nambala ya pa sikirini sikwera. Koma ndi lomwelo limene limakupulumutsani.

Chilankhulo cha kodi sankhani chimodzi lero, chimene mumachidziwa kale, osasinthanso. Ngati ndi Python, `dict`, `set`, `sorted`, `deque` ndi `heapq` zizituluka m'zala osafufuza.

Sabata yoyamba ndi ya mindandanda ndi zilembo. Pa LeetCode sefani ndi `Hash Table`, `Two Pointers` ndi `Sliding Window`. Mafunso 10: awiri a `Easy` madzulo aliwonse, popeza zobwereza zidzakhala zisanachuluke, ndi awiri a `Medium` Loweruka. Sabata yachiwiri mafunso 6, onse `Medium`: `Stack`, `Binary Search`, `Linked List` ndi `Tree`. Sabata yachitatu enanso 6, makamaka magirafu, kuyenda ndi `BFS` ndi `DFS`, limodzi la `Heap`, ndipo awiri okha osavuta a `Dynamic Programming`. Mutu womalizawu ndi dzenje lodya nthawi. Munthu akhoza kuthera sabata yathunthu m'menemo n'kutuluka wosokonezeka, pamene mitengo ndi magirafu zili chikhalire osazigwira. A `Hard` asiyeni. Sabata yachinayi ndiyifotokoza m'munsimu, chifukwa choti muyimvetse muyenera kuona kaye mmene zimaipira.

Zimaipa chonchi. Intavyu nthawi zambiri imakhala ya mphindi 45 kapena ola limodzi, ndipo moni ndi kudzifotokoza zimadyako kale zina. Akupatsani funso loti mupeze kutalika kwa chigawo chachitali kwambiri cha zilembo zotsatizana mmene mulibe chilembo chobwerezedwa. Mtima ukuti myaa, chifukwa munalionapo. Mwalemba mwachangu: zala ziwiri zikuloza malire a chigawocho, chala chakumanja chikuyenda, `dict` ikusunga pamene chilembo chilichonse chinaonekera komaliza, ndipo mukakumana ndi chilembo chimene munachiona kale, chala chakumanzere chikudumphira patsogolo pake. Mwayesa ndi `abcabcbb`, yatulutsa 3, zoona. Mwanena kuti mwamaliza. Wofunsayo, amene wakhala duu nthawi yonseyi akungogogoda kiyibodi yake, akuti: yesani `abba`. Yatulutsa 3. Yankho loona ndi 2. Kwatsala mphindi 8, m'manja muli thukuta, mukuyang'ana mizere isanu ndi itatu imene ikuoneka yabwinobwino, ndipo mwayamba kusinthasintha `+ 1` ndi `- 1` mwachisawawa poganiza kuti vuto ndi kuwerengera. Pakamwa pauma, simukulankhulanso, ndipo iye sakukuthandizani ngakhale ndi liwu limodzi. Ofunsa otere alipo ndithu, ndipo ndi khalidwe loipa, chifukwa liwu limodzi lokha likanaonetsa ngati munthuyo amatha kulandira thandizo n'kupitiriza. Koma simusankha amene adzakufunseni.

Vuto silili pa `+ 1`. Yendani nayo pamanja. Pa malo 0 pali `a`, pa 1 pali `b`, kutalika 2. Pa malo 2 pali `b` wina, ndiye chala chakumanzere chikudumphira pa 2. Pa malo 3 pali `a`, ndipo `dict` ikukumbukirabe kuti `a` anali pa 0, ndiye chala chakumanzere chikubwerera m'mbuyo kufika pa 1. Tsopano chigawo chanu ndi `bba`, muli `b` awiri. Chala chakumanzere sichiyenera kubwerera m'mbuyo ngakhale pang'ono. Mankhwala ake ndi kachidutswa kamodzi:

```python
def longest(s):
    last = {}
    left = best = 0
    for right, ch in enumerate(s):
        if ch in last and last[ch] >= left:
            left = last[ch] + 1
        last[ch] = right
        best = max(best, right - left + 1)
    return best
```

Kachidutswa ka `last[ch] >= left` kakufunsa ngati chilembo chakalecho chidakali mkati mwa chigawo chimene mukuyeza panopa. Wongowerenga mayankho 300 amakaona kachidutswaka koma sadziwa chifukwa chake kalipo, ndiye tsiku lofunika amakaiwala. Amene analakwitsapo kunyumba, nalemba m'kope kuti "chala chakumanzere chinabwerera m'mbuyo pa `abba`", nabwerezanso patatha masiku atatu ndiponso patatha sabata, sakaiwala. N'chifukwa chake ndikukakamira mphindi 20 zoyamba zija.

Pa funso lomweli phunzirani chizolowezi chimene muzichita madzulo aliwonse kuyambira tsiku loyamba. Musanalembe kodi, nenani mokweza njira yophweka, ngakhale ndi yochedwa. Apa njira yophweka ndi kuyambira pa chilembo chilichonse n'kuyenda mpaka mutakumana ndi chobwerezedwa. Kenako funsani kuti deta ikhoza kukula bwanji. Lamulo lapamtima ndi ili: ngati `n` ikufika 100,000, njira ya `O(n²)` ikhoza kufuna masitepe okwana mabiliyoni 10, ndiye fufuzani ya `O(n)` kapena `O(n log n)`. Mukalemba, musathamangire batani la `Run`. Yendani ndi kodiyo pamanja ndi zitsanzo zinayi: chopanda kanthu, cha chinthu chimodzi, cha zinthu zofanana zokhazokha monga `aaaa`, ndi china chimene mwachipanga dala kuti chiphwanye kodi yanu. M'maintavyu ena simupatsidwa n'komwe poyendetsera kodi, mumangolemba pa tsamba wamba, ndiye batanilo musalizolowere ngati ndodo.

Ndipo lankhulani. Inde, nokha m'chipinda, mokweza, m'chilankhulo chimene adzakufunsireni. Kuganiza uku ukulankhula ndi luso lapadera, silibwera lokha pa tsikulo. Dzijambuleni mawu pa foni kamodzi pa sabata n'kumvetsera. Mukapeza kuti munakhala chete mphindi yathunthu, pamenepo ndi pamene wofunsa adzakhale asakudziwa ngati mukuganiza kapena mwasochera.

Sabata yachinayi musayambe mutu watsopano uliwonse. Pezani mnzanu wodziwa kodi akufunseni katatu, mwina Loweruka lotseka sabata yachitatu, Lachiwiri ndi Lachinayi. Mphindi 45, funso la `Medium` limene simunalionepo, iye asankhe, ndipo asakuuzeni kuti ndi la mutu uti. Ichi n'chofunika, chifukwa masabata atatu onse mwakhala mukudziwiratu mutu musanawerenge funso, pamene pa intavyu theka la ntchito ndi kuzindikira nokha kuti apa pakufunika `BFS`, apa `Binary Search`. Mumuuze kuti ulendo umodzi adzakhale chete dala ngati wofunsa uja. Madzulo otsalawo tsegulani kope lanu, musankhe mafunso amene anakugwetsani kawiri, mulembenso. Patulaninso ola limodzi lokonza zimene mudzanene za pulojekiti ziwiri za kuntchito kwanu: vuto linali chiyani, inu munachitapo chiyani, chinasintha n'chiyani. Ndipo lero lomwe lemberani amene anakuyitanani mufunse kuti zigawo zilipo zingati, mudzalembera pati, chilankhulo ndi chosankha nokha kapena ayi. Ena a iwo sanena kanthu mpaka utafunsa, kenako munthu n'kukapeza kuti palinso gawo la `SQL` kapena la kamangidwe ka sisitimu limene sanalikonzekere. Likakhalapo, litengereni Loweruka awiri.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri, funso lobwereza lizitha mu mphindi 15 mpaka 20 osasuzumira. Ngati silikutha, musapite patsogolo. Chotsani mafunso atsopano masiku awiri, mubwereze okhaokha. Kulephera funso latsopano la `Medium` mu mphindi 30 kusakuopseni, n'kwachibadwa ngakhale sabata yachitatu. Choopsa ndi kulephera limene munalichita kale.

Ndanena kuti wotchi ikalira muime, komabe mukaona kuti mwatsala pang'ono, njira mwaipeza ndipo changotsala ndi kachilema kamodzi ngati ka `abba` kaja, pitirizani mpaka mukapeze nokha, ngakhale zidye madzulo onse. Mphindi zimenezo ndi zomwe zimafanana kwambiri ndi intavyu yeniyeni. Komanso tsiku limene mwabwera mutu ukuwawa, maso akulemera, chitani mphindi 20 za kubwereza zokha n'kukagona, ndipo musadzabweze ngongoleyo mawa lake pochita maola atatu. Ngati masiku otere apitirira anayi, lemberani kampaniyo msanga mupemphe kuti asunthe tsiku ndi sabata imodzi, pasanatsale masiku awiri.