Pomwe Warp Stabilizer imakonza kanema wogwedera ndi pomwe imamuononga

"Ndimajambula maukwati ndi chilanga mulilo kuno ku Chilenje. Loweruka lapitali ndinajambula azimayi akulowa ndi mapoto kwa mkamwini, ine ndikuyenda chambuyo kamera ili m'manja, pa 1080p, mafuremu 25 pa sekondi. Kanemayo anagwedera, ndiye ndinaikapo Warp Stabilizer mu Premiere Pro. Kugwedera kunatha, koma tsopano mpanda ndi geti zikupindika ngati chithunzi cha m'madzi a m'beseni, ndipo nkhope zikumachita mbuu nthawi ndi nthawi. Ndalakwitsa pati?"

Bambo, mavuto amene mukuwaonawo ndi awiri osiyana, ndipo limodzi lokha ndilo lingakonzedwe mu Warp Stabilizer. Pulogalamuyi imasankha timadontho tambiri pa chithunzi, monga ngodya ya njerwa kapena m'mphepete mwa zenera, n'kumatilondola furemu ndi furemu kuti idziwe mmene kamera inayendera. Ikatero imasuntha furemu iliyonse mobwezera, kotero kuti kamera ikagwera kumanzere, iyo imakankhira chithunzi kumanja. Mphamvu yake imathera pamenepo. Zimene zinalembeka kale mkati mwa furemu pa nthawi yojambula, siingazifufute.

Ndiyambe ndi kupindika kwa mpanda, popeza ndiko kuli ndi mankhwala. Mukangoika Warp Stabilizer, pa Method pamakhala Subspace Warp ndipo Smoothness imakhala pa 50%. Njira imeneyi siisuntha furemu yonse pamodzi, koma imakoka zigawo za chithunzi payokhapayokha pofuna kuti zapafupi ndi zakutali zonse zidekhe. Pojambula malo opanda anthu imachita bwino ndithu. Koma inu munali ndi azimayi ovina atadzaza chithunzi, zitenje zamaluwa zikuyenda, mapoto ali pamutu, ndipo timadontho tambiri timene pulogalamu inagwira tinali pa anthuwo osati pa khoma. Inatenga kuvina kwawo ngati kugwedera kwa kamera, ndipo pofuna kuwakhazika chete inayamba kupinda zonse za kumbuyo kwawo. Kuyenda kwanu chambuyo kunawonjezera vutolo, chifukwa munthu akamayenda, zinthu zapafupi zimasuntha msanga kuposa zakutali, ndipo kusiyana kumeneku pulogalamu kumaisokoneza.

Chitani motere. Choyamba dulani kanemayo m'zigawo musanaikepo chilichonse, kuti pamene munaima pa geti pakhale padera, pamene munayenda padera, ndi pamene munatembenuka mwadzidzidzi kuloza ng'oma padera. Pulogalamu imakulitsa chithunzi cha chigawo chonse molingana ndi malo amene anagwedera kwambiri, choncho kutembenuka kumodzi kwa theka la sekondi kungathe kudyetsa m'mbali mwa kanema wa masekondi 40. Pa chigawo choyendacho, sinthani Method ikhale Position, Scale, Rotation, imene imasuntha furemu yathunthu osaipinda, ndipo tsitsani Smoothness ifike pa 5% kapena 10%. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti nambala yaing'ono chotere imakwanira, koma chimene chimasautsa woonera ndi kunjenjemera kwa manja ndi kugunda kwa phazi, osati kuyenda kwa kamera pakokha. Pa Result pakhalebe Smooth Motion. No Motion ndi ya pamene munafuna kuti kamera ikhale ngati yaikidwa pa miyendo itatu, monga pojambula alangizi akulankhula atakhala pansi.

Kenako pitani pa Framing musankhe Stabilize Only kwa kanthawi. Mudzaona m'mbali mwakuda mukuvina mozungulira chithunzi, ndipo kukula kwa mbali zakudazo ndiko kukula kwa zimene pulogalamu iyenera kudula. Mukabwezera pa Stabilize, Crop, Auto-scale, yang'anani nambala imene yalembedwa pambali pa Auto-scale. Ikakhala 110%, ndiye kuti pa mapikiselo 1920 a m'lifupi mukugwiritsa ntchito pafupifupi 1745 okha, amene akukokedwa kuti adzaze sikirini, ndipo ochepa ndi amene angazindikire. Ikafika 125%, mwatsala ndi 1536 m'lifupi ndi 864 m'litali, chithunzi chimafewa, ndipo mapoto a pamutu, amene ndiwo mwini mwambo akufuna kuona, amayamba kudukira pamwamba. Kwa ine, kanema wa 1080p akapitirira 115% ndimayamba kukayika, ngakhale kuti pulogalamu imalola mpaka 150% ngati simuiletsa pa Maximum Scale. Amene amagwiritsa DaVinci Resolve angayese zofanana posintha Mode kuchoka pa Perspective kupita pa Similarity kapena Translation.

Tsopano za nkhope zochita mbuu, ndipo apa ndilibe uthenga wokoma. Ngati munajambula ndi shata ya 1/50, monga ambirife timachitira pa mafuremu 25, ndiye kuti diso la kamera linkakhala lotseguka kwa theka la nthawi ya furemu iliyonse. Tiyerekeze kuti phazi lanu litagunda pansi, chithunzi chinalumpha mapikiselo 40 pakati pa furemu imodzi ndi inzake. Mkati mwa furemu imeneyo, diso lililonse la munthu ndi duwa lililonse la pachitenje linapakika m'litali mwa mapikiselo 20. Mu kanema wosakonza, chimbuuzi chimenechi sichioneka, chifukwa chimabwera limodzi ndi kulumpha ndipo maso athu amachilandira monga mbali ya kuyendako. Mukachotsa kulumphako, chimbuuzi chimatsala chokha popanda chochifotokoza, ndipo woonera amaona nkhope yoima chete imene ikuwala, kuzimirira, n'kuwalanso pa sitepe iliyonse. Palibe batani la mu Warp Stabilizer limene lingabwezeretse zimene zinapakikazo. Chimene mungachite ndi kulola kugwedera pang'ono kutsale kuti kubise chimbuuzicho, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chotsitsira Smoothness.

Pali chinanso chofanana nacho. Masensa a makamera ambiri ndi mafoni amawerenga chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, kotero kamera ikagwedezeka msanga chammbali, mizati yowongoka imapendekeka. Pansi pa Advanced pali Rolling Shutter Ripple, ndipo kusankha Enhanced Reduction, kumene kumatheka pokhapokha Method ili pa Subspace Warp kapena Perspective, kumachepetsako nthawi zina, koma musayembekezere zambiri.

Kuti mudziwe ngati mwakonza kapena mwaononga, musayang'ane anthu. Onerani pa sikirini yonse, maso anu ali pa chinthu chowongoka chimene sichiyenda, monga felemu la chitseko, mzati wa tenti kapena mizere ya mabuloko a mpanda, makamaka m'ngodya za chithunzi. Zimitsani ndi kuyatsa chizindikiro cha fx kangapo pamene kanema akuyenda. Khoma likamapuma ngati chamoyo, chotsani zonse. Kanema wogwedera pang'ono pakati pa nthungululu ndi ng'oma achibale amamulandira, chifukwa amadziwa kuti wojambula anali m'chigulu, pamene khoma lopindika limawauza kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Pa sitepe imene yaipa kwambiri, iphimbeni ndi kachigawo kena, kaya manja a woimba ng'oma kapena nkhope ya mkamwini, mawu akupitirira pansi.

Pa mwambo wotsatira, ngati mukudziwiratu kuti mudzayenda ndi kamera m'manja, ikani shata pa 1/100 kapena 1/200 muli panja masana, ndipo kupakika kwa mapikiselo 20 kuja kudzatsika kufika pa 10 kapena 5. M'nyumba kapena mu holo musapitirire 1/100, chifukwa magetsi athu a ZESCO ndi a 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira pa kanema shata ikasemphana nawo. Gwiritsani lenzi yotambalala, siyani mpata pamwamba pa mitu, ndipo ngati kamera yanu ili ndi 4K, jambulani nayo ngakhale mudzapereka 1080p, popeza mapikiselo 3840 angathe kudulidwa mpaka theka chithunzi chisanayambe kufewa.