Nimoniki ya mitsempha 12 ya m'mutu: lowezani, koma dziwani pomwe imathera

"Akuluakulu, mayeso a anatomi ayandikira ndipo mitsempha 12 ija ikundisokoneza. Ndani ali ndi nimoniki yabwino ya mayina ndi ntchito zake? Nanga makadi oloweza amene akugulitsidwa aja ngothandiza?"

Mng'ono wanga, ya mayina tenga iliyonse mwa zimene anzako amagwiritsa ntchito. Zonse zimangosunga zilembo zoyamba za mayina a mitsemphayi kuyambira I mpaka XII, OOOTTAFVGVAH, ndipo madzulo amodzi ngokwanira kuziloweza. Ya ntchito ndi chiganizo cha Chingerezi chija chonena zokwatira ndalama, "Some say marry money, but my brother says big brains matter more", chimene chimakupatsa SSMMBMBSBBMM, kutanthauza kuti S ndi mtsempha womva, M woyendetsa minofu, B wochita zonse ziwiri. Onjezerapo LR6SO4 ya maso: mnofu wokokera diso kunja ngwa VI, wopendeketsa wa pamwamba ngwa IV, yotsala yonse nja III. Zitatuzi zikukwanira. Amene akutumizira manimoniki asanu a chinthu chimodzi sakukuthandiza, chifukwa m'chipinda cha mayeso udzayamba kusakaniza mawu a iyi ndi a inayo.

Chimene ndikufuna umvetse bwino ndi chilembo B chili pa nambala VII, mtsempha wa fesho, kapena kuti wa nkhope. Chilembochi chimanamiza ophunzira ambiri. Munthu akamva kuti mtsempha wa nkhope umachita zonse ziwiri, amaganiza kuti khungu la nkhope limamva kudzera mwa iwo. Ayi ndithu. Ukagunda tsaya la munthu ndi thonje ukuyesa V, trayijemino, ndipo minofu yotafunira nayonso nja V. Kumva kwa VII makamaka ndi kulawa, pa magawo awiri mwa atatu a kutsogolo kwa lilime. Ntchito yake yaikulu ndi kuyendetsa minofu ya nkhope: kukweza nsidze, kutsinzina, kumwetulira, kufufumitsa masaya. Umatumizanso uthenga wotulutsa misozi ndi malovu ena, ndipo uli ndi kanthambi kopita ku kamnofu kakang'ono ka m'khutu kochepetsa phokoso. Zonsezi B sangakuuze.

Ndikuuze zimene ndinaona ine, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Bambo wina woyendetsa minibasi kuno ku Lusaka anadzuka m'mawa kamwa itakhota. Tiyi ankatayikira kumanzere, dovu likuchucha mbali yomweyo, akati aseke kamwa yonse inkakokekera kumanja. Anapita pa kiliniki ina, womuona anati ndi VII, matenda a Bell, nam'patsa mapiritsi kuti akamwere kunyumba. Nambala ya mtsempha anailondola, koma sanafunse kuti vutolo lili pati panjira yake. Pamene bamboyo amafika kwa ife, dzanja lamanzere linali litayamba kulemera. Tinangomuuza kuti, "Bambo, tayang'anani kudenga osakweza mutu." Chipumi chinachita makwinya mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo maso onse ankatsinzina. Inali sitiroko kumanja kwa ubongo, BP ili pamwamba, ndipo nthawi yofunika inali itatayika kale.

Chifukwa chake nchimenechi. Phata la VII lili m'tsinde la ubongo, pa ponzi, ndipo limalandira malamulo kuchokera kumtunda. Gawo loyendetsa chipumi limalamulidwa ndi mbali zonse ziwiri za ubongo, pomwe gawo loyendetsa kamwa ndi tsaya limadalira mbali yotsutsana nayo. Sitiroko ikawononga njira ya kumanja, kamwa ya kumanzere imagwa, koma chipumi chimapulumuka poti mbali inayo ikuchilamulabe. Ukawonongeka mtsempha weniweniwo, monga pa Bell, theka lonse la nkhope limafa mbali yomweyo kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Chipumi chimasalala, nsidze siikwera, diso limakana kutseka, ndipo wodwala akayesetsa kutsinzina umaona diso likutembenukira m'mwamba, choyera chokha kuonekera. Ena amadandaula kuti phokoso likuwaboola khutu la mbali imeneyo, kapena kuti chakudya sachimva kukoma bwino.

Ngakhale chipumi chitafa, usathamangire kulemba Bell. Dzinali timalipereka titalephera kupeza chifukwa china. Suzumira m'khutu ngati muli mafinya kapena timatuza ta mashingozi, papasa kutsogolo kwa khutu ngati patupa, ndipo kwathu kuno usaiwale kupempha kuyeza HIV ndi shuga. Kenaka yesa maso. Mkati mwa ponzi, ulusi wa VII umazungulira phata la VI usanatuluke, ndiye ukapeza theka la nkhope lafa komanso diso la mbali yomweyo likukanika kupita kunja, vuto lili m'tsinde la ubongo, si Bell. Ikakhala Bell yeniyeni, mankhwala a sitiroyidi amathandiza kwambiri akayambidwa mkati mwa maola 72, ndipo diso losatsekalo liyenera kudonthezedwa mankhwala ndi kuphimbidwa usiku kuti lisachite chilonda.

Apa ndiye pamene nimoniki imathera. Imakupatsa dzina ndi nambala, koma siidziwa kumanja ndi kumanzere, siidziwa kumene mtsempha wadutsa, siidziwanso woyandikana nawo. Chilembo M cha III nachonso chimabisa zambiri. Mtsempha umenewu ndiwo umakweza chikope ndi kuchepetsa kamwana ka diso, choncho III amatsegula diso, VII amalitseka. Ulusi wa kamwana ka diso umayenda chakunja kwa mtsemphawo, nchifukwa chake chinthu chikaupanikiza kamwanako kamakula msanga, pomwe shuga kawirikawiri amawononga mkati nkukasiya kali bwino. Chikope chogwa, diso loyang'ana pansi ndi kunja, kamwana katakula, mutu ukuwawa: ameneyo sagona pa benchi kudikira mawa. LR6SO4 nayonso ili ndi malire. Ukadzayamba mawodi ku UTH udzaona odwala meninjaitisi amene diso likukana kupita kunja, osati poti matenda akhala pa VI, koma poti kuthina kwa m'mutu kwakwera ndipo mtsemphawu umavulala msanga zikatero.

Makadi ogulitsa aja usagule. Ine ndinaonapo ena osindikizidwa mwachangu atalemba kuti kulawa kwa lilime lonse ndi kwa VII, kuiwala kuti kumbuyo kwake ndi kwa IX. Ndalama imeneyo gulira katochi kakang'ono konga cholembera, m'mafamase a m'tauni kapena ku Kamwala kamapezeka, uwonjezere thonje pang'ono. Ukatero pezana ndi mnzako wa m'kalasi muziyesana kuyambira I mpaka XII, ndipo pa mtsempha uliwonse woyesayo anene mokweza zinthu zitatu: ndikuyesa chiyani, ukafa ndiona chiyani, nanga mbali iti. Pa XII uzitha kunena osaganiza kuti lilime likatulutsidwa limakhotera ku mbali yodwala. Pa kuphethira kwa diso likagundidwa ndi thonje, uthenga umalowa ndi V nkutuluka ndi VII, ndipo pa kuwala kwa tochi umalowa ndi II nkutuluka ndi III. Mafunso a mayeso amakonda pamenepa, pomwe mitsempha iwiri yakumana.

Posankha tochi, pewa zowala kwambiri zobiriwira zija, odwala amangotsinzina ndipo suona kanthu. Ya foni nayonso imamwaza kuwala m'maso onse awiri nthawi imodzi, ndiye sungadziwe kuti diso liti layankha.